Mukamaliza jimu mudye liti, mudye chiyani? Za mphindi 30 zija ndi zomwe mbale yanu ikufunikadi

Sabata siitha ndisanafunsidwe funso ili. Mnyamata watsitsa chitsulo chomaliza, thukuta likuyenderera, ndipo asanapukute n'komwe nkhope watulutsa kale botolo la chakumwa cha mapuloteni m'chikwama, akulikhutchumula uku maso ali pa wotchi. Mnzake amene alibe botolo amabwera kwa ine nkhope ili khuma: "Bwana, ine kwathu n'kutali, ndimakafika patatha ola ndi theka. Ndiye kuti zonse ndanyamulazi zimangopita pachabe?" Sizipita pachabe, achimwene. Ndalemba pano kuti yankho likhale pamodzi, aliyense wofunsa ndizingomulozera.

Chomwe anthu amachitcha anaboliki windo ndi chikhulupiriro chakuti mukangomaliza masewera, thupi limatsegula kazenera kwa mphindi 30 kapena 45, ndipo mukapanda kuthiramo chakudya nthawi imeneyo kazenerako kamatsekeka, minofu osakula. Mawu akuti anaboliki amangotanthauza kumanga, pomwe thupi likuwonjezera mnofu m'malo mouphwanya. Zeneralo liripo ndithu, koma si kazenera. Limakhala lotsegula tsiku lonse, ndipo chomwe chimalepheretsa ambiri mwa amene ndimawaona si kuchedwa kudya. Ndi kuchepa kwa ndiwo m'mbale.

1. Dziwani kaye komwe nkhani ya mphindi 30 inachokera

Mu 1988 John Ivy ndi anzake ku yunivesite ya Texas anayesa anthu opalasa njinga. Atawatopetsa, ulendo wina anawapatsa chakumwa cha shuga nthawi yomweyo, ulendo wina anawadikiritsa maola 2. Chomwe ankayeza ndi gilaikojeni, shuga amene thupi limasunga m'minofu ngati chimanga m'nkhokwe, n'kumatapamo mukamathamanga kapena kunyamula. Anapeza kuti akachedwa kumwa, nkhokwe ija imadzaza pang'onopang'ono, pafupifupi theka la liwiro la amene wamwa msanga. Mu 2004 Ivy yemweyo analemba buku ndi Robert Portman lomwe linafalitsa kwambiri ganizo la mphindi 45, ndipo ogulitsa ufa wa mapuloteni analilandira ndi manja awiri.

Taonani zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, kafukufuku uja anali wa shuga wa m'minofu, osati wa kukula kwa minofu. Chachiwiri, ankayeza liwiro la m'maola oyambirira okha. Ofufuza ena ku Australia mu 1997 anadikiritsanso anthu maola 2, koma anadzayeza patatha maola 8 ndi 24, ndipo sanapeze kusiyana: wodya msanga ndi wodya mochedwa nkhokwe zawo zinali chimodzimodzi, bola onse adye chakudya chokwanira.

Nanga kukula kwa minofu? Mukanyamula zitsulo, minofu imakhala yokonzeka kulandira mapuloteni kwa maola 24 kapena kupitirira. Mu 2013 Brad Schoenfeld, Alan Aragon ndi James Krieger anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa nkhaniyi n'kumuunika pamodzi. Poyamba zinkaoneka ngati omwa mapuloteni pafupi ndi nthawi ya masewera amakula kwambiri. Atawerengera bwino, anapeza kuti anthu amenewo ankangodya mapuloteni ambiri pa tsiku kuposa anzawo. Phindu linali mu kuchuluka, osati mu wotchi.

2. Werengani kuchokera pa chakudya chomwe munadya musanayambe

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amayamba kuwerenga nthawi pomwe atsitsa chitsulo, pomwe anayenera kuyambira pomwe anasamba m'manja atadya komaliza. Nsima ya nyemba yomwe mwadya 1 koloko siithera m'mimba pa mphindi 10. Imagayika kwa maola angapo, ndipo nthawi yonseyo magazi akulandira maamino asidi, tizidutswa tomwe mapuloteni amagawikamo, tomwenso minofu imamangira. Mukalowa mu jimu 3 koloko n'kutuluka 4 koloko, chakudya cha masana chija chikugwirabe ntchito.

Muyezo wosavuta ndi uwu: pakati pa chakudya cha musanayambe ndi cha mukamaliza pasapitirire maola 4, kapena 5 mpaka 6 ngati choyambacho chinali chachikulu, cha nsima ndi ndiwo zokwanira. Ndiye dziikeni pa gulu lanu.

Ngati munadya bwino maola 2 kapena 3 musanayambe, musathamange. Sambani, kwerani minibasi, kafikeni kunyumba, mukadye chakudya chanu cha nthawi zonse.

Ngati mumachita masewera m'mamawa musanadye kanthu, chakudya chanu chomaliza chinali cha dzulo usiku, maola 9 kapena 10 apitawo. Inu ndiye musazengereze. Sikuti minofu isungunuka mukachedwa ndi mphindi 20, ayi, koma palibe chomwe mupindula podikira mpaka masana. Idyani pasanathe ola. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi cha munthu amene wathamanga 5 koloko m'mawa, wamwa tiyi wopanda mkaka ndi kabanzi, kenako akudikira nsima ya 1 koloko. Ameneyu ndi amene nkhani ya zenera imamukhudzadi, ngakhale nthawi zambiri si iye amene amada nayo nkhawa.

Ngati mumachita masewera olemetsa kawiri pa tsiku, dikirani mfundo 5, ndi yanu.

3. Pezani nambala yanu ya tsiku

Munthu wonyamula zitsulo amene akufuna minofu ikule amafunika magalamu pafupifupi 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, tsiku lililonse. Nambalayi inatuluka mu 2018 pomwe Robert Morton ndi anzake anaunika kafukufuku 49 pamodzi: phindu limakwera mpaka cha pa 1.6, kenako limayamba kuima, ngakhale ena angapindulebe mpaka cha pa 2.2. Ngati mumalemera makilogalamu 70, chulukitsani 70 ndi 1.6, mupeza magalamu 112. Wa makilogalamu 60 ndi 96. Ngati muli ndi thupi lalikulu lamafuta ambiri, werengerani pa sikelo yomwe mukufuna kufikapo, osati yomwe muli nayo lero.

Nambalayi muigawe katatu kapena kanayi pa tsiku, magalamu 25 mpaka 40 nthawi iliyonse. Chakudya cha mukamaliza masewera ndi chimodzi mwa zimenezo basi, chilibe mankhwala apadera. Ndipo masiku opuma musachepetse, chifukwa ndi masiku omwewo pomwe ntchito yomanga ikupitirira.

Amene ali ndi matenda a impso asakweze mapuloteni asanaonane ndi dokotala. Chimodzimodzi amene ali ndi matenda a shuga pa zomwe ndinene za shuga kutsogoloku.

4. Werengani zomwe zili m'mbale mwanu zenizeni

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe malangizo ambiri amangodumpha. Amakuuzani nambala, kenako amakutchulirani zakudya zomwe simuzipeza pamsika wa kwanu. Inu mumatsala mukudya monga mwa kale, n'kumaganiza kuti poti mwakhuta ndiye kuti zakwana.

Kukhuta kumabwera ndi nsima, ndipo nsima ndi chakudya chopatsa mphamvu, chabwino ndithu kwa wochita masewera. Koma mapuloteni ake ndi ochepa: mtanda wabwinobwino uli ndi magalamu 4 kapena 5, komanso mapuloteni a chimanga amaperewera amino asidi wina wotchedwa laisini. Zomanga thupi zili mu ndiwo, ndipo kwathu kuno ndiwo timaziona ngati zothandizira nsima kutsika kukhosi. Taganizani mulu wa usipa wouma wogula pamsika, wolemera magalamu 100. Waphikidwa ndi tomato ndi anyezi, msuzi wambiri, kenako wagawidwa m'mbale za anthu 5. Aliyense walandira magalamu 20 a nsomba, omwe ndi magalamu 12 okha a mapuloteni. Wadya nsomba, inde, koma wadya pang'ono.

Miyezo yoti muisunge m'mutu ndi iyi, yonse ndi yongoyandikira. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya mkaka kapena chambiko ya mamililita 250 ili ndi 8. Kapu yodzadza ya nyemba zophika, nyemba zenizeni osati msuzi, ili ndi 14 kapena 15, ndipo nandolo ndi khobwe sizitalikirana nazo. Dzanja limodzi la mtedza, magalamu 30, lili ndi 7. Usipa, matemba kapena kapenta wouma, kupitirira theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Soya pisesi wouma, theka la kulemera kwake. Nyama ya nkhuku yophika yopanda fupa, kukula ngati chikhatho chanu, ili ndi 25 mpaka 30.

Tiyeni titenge munthu mmodzi. Mnyamata wa makilogalamu 70 amene amagwira ntchito mu shopu m'tauni, amalowa mu jimu 5 koloko m'mawa asanadye kanthu, kanayi pa sabata. Anabwera kwa ine akudandaula kuti wapita miyezi 6 mikono osasintha, ndipo ankafuna ndimuuze ufa wabwino woti azimwa akangomaliza. Ndinamupatsa pepala kuti alembe zonse zomwe wadya dzulo lake. M'mawa: tiyi wopanda mkaka ndi masilaisi 4 a buledi, magalamu 10. Masana: mitanda 2 ya nsima ndi theka la kapu ya nyemba, 9 kuphatikiza 7, ndiye 16. Madzulo: mitanda 2, masamba, ndi gawo lake la usipa lija, 9 kuphatikiza 12, ndiye 21. Zonse pamodzi 47. Amafunika 112, akudya 47, sanafike ngakhale theka. Akanamwa ufa uja pa mphindi yoyamba yeniyeni, supuni yake imodzi ikanangomuwonjezera 24 kapena 25, akanatsalabe kutali.

Tinakonza chonchi, popanda kuchotsa nsima. Akachoka ku jimu, cha m'ma 6 koloko: phala la mgaiwa lothira nsinjiro zambiri, magalamu 10, mazira 2 owiritsa, 12, kapu ya mkaka, 8. Ndiye 30 asanatuluke pakhomo. Mazirawo amawiritsiratu usiku, chifukwa m'mawa nthawi imathamanga ndipo chomwe sichinakonzedwe sichidyedwa. Masana: mitanda 2 yomwe ija, 9, nyemba kapu yodzadza, 14, ndi soya pisesi wa magalamu 25 akali wouma, 12. Ndiye 35. Cha m'ma 4 koloko ali pa ntchito: dzanja la mtedza wokazinga ndi kapu ya chambiko, 15. Madzulo: mitanda 2, masamba, ndi usipa wowirikiza kawiri, magalamu 40, zomwe zikupereka 9 kuphatikiza 24, ndiye 33. Kuphatikiza 30, 35, 15 ndi 33 tikupeza 113.

Chovuta pa zonsezi sichinali masamu. Chinali chakuti amadya pa banja, ndipo simungatenge ndiwo za anthu awiri pa mphika womwe amayi agawira ana. Iye anayamba kugula mulu wina wa usipa ndi paketi ya soya pisesi n'kumapereka kukhitchini kuti mphika wonse ukule, ndipo mtedza ndi mazira amasunga ake. Ndimaona kuti iyi ndiyo njira yolongosoka: wonjezerani mu mphika, musachepetse m'mbale za ena.

Zolakwa zitatu zimabwerezabwereza pa sitepe imeneyi. Choyamba ndi kuwerengera msuzi ngati ndiwo. Msuzi wa nyama uli ndi fungo ndi mafuta, koma zomanga thupi zatsala mu nthuli yomwe yapita kwa wina. Chachiwiri ndi kusokoneza kulemera kwa chakudya ndi mapuloteni ake: magalamu 100 a nyemba zophika si magalamu 100 a mapuloteni, ndi 8 kapena 9, ndipo soya pisesi akanyowa amalemera kawiri kapena katatu koma mapuloteni amakhala omwe aja. Chachitatu ndi kudalira mtedza wokha. Mtedza ndi wabwino, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndiye amene akufuna kuchepetsa thupi akamadya mbale yonse amadabwa sikelo ikukwera.

Za mazira aawisi, lekani. Thupi limatenga pafupifupi theka lokha la mapuloteni a dzira laliwisi, pomwe pa lophika limatenga 9 mwa 10, ndipo laliwisi lingakudwalitseni m'mimba.

Ena amafunsa ngati nyemba ndi soya zingafanane ndi nyama. Zingathe, bola muwonjezere pang'ono muyezo ndi kusakaniza. Laisini amene akusowa mu chimanga ali wambiri mu nyemba, ndipo chomwe chikuchepa mu nyemba chimanga chili nacho, choncho nsima ya nyemba ndi banja lokwatirana bwino. Vuto limangokhala lakuti nsima imachuluka, nyemba n'kuchepa.

Ufa wa mapuloteni si woipa. Wambiri umachokera ku mkaka, ndipo ubwino wake ndi wakuti ndi wosavuta kunyamula. Koma supuni yake imodzi ikufanana ndi mazira 4 kapena magalamu 40 a usipa. Yerekezani mitengo nokha musanagule.

5. Zopatsa mphamvu: apa wotchi imagwira ntchito kwa ena okha

Ngati mwanyamula zitsulo ola limodzi lero ndipo mudzabweranso mawa kapena mkuja, nsima, mpunga, mbatata kapena chinangwa cha pa chakudya chanu cha nthawi zonse chidzadzaza nkhokwe ija nthawi isanakwane. Simufunika chakumwa cha shuga.

Zimasintha ngati masewera olemetsa awiri atalikirana ndi maola osakwana 8. Wosewera mpira amene ali ku kampu, akuphunzira m'mawa ndi madzulo. Timu ya netibolo pa mpikisano wa tsiku limodzi, masewero atatu motsatizana. Wothamanga mtunda wautali amene amatuluka kawiri. Kwa awa zomwe Ivy anapeza ndi zoona ndithu, chifukwa alibe maola 24 odikira. Ayambe kudya akangotuluka m'bwalo, galamu 1 mpaka 1.2 ya makabohaidireti, omwe ndi sitachi ndi shuga zopatsa mphamvu, pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ola lililonse, kwa maola 4 oyambirira. Wosewera wa makilogalamu 65 ndiye kuti magalamu 65 mpaka 78 pa ola. Nthochi 2 zazikulu zili ndi 50, kapu ya tiyi ya masupuni aang'ono 4 a shuga ikuwonjezera 16, ola loyamba lakwana. Ola lachiwiri ndi lachitatu likwaniritsidwe ndi chakudya chenicheni, mpunga kapena nsima ndi ndiwo zake, kenako mbatata yophika kapena thobwa. Tsiku lotere pewani tchipisi cha pachiwaya ndi zina zamafuta ambiri pakati pa masewero, chifukwa mafuta amachedwetsa m'mimba ndipo mudzalowa m'bwalo chakudya chili pachifuwa.

Mudzadziwa kuti mukuperewera zopatsa mphamvu ngati miyendo ikulemera kuyambira pachiyambi pa masewero achiwiri, kapena ngati pofika Lachinayi liwiro lomwe munali nalo Lolemba lasowa pomwe simukudwala.

6. Bwezerani madzi ndi mchere

Dziyezeni pa sikelo musanayambe ndi mukamaliza, mutavula malaya onyowa. Kilogalamu iliyonse yomwe yatsika ndi thukuta, si mafuta, ndipo ikufuna lita imodzi ndi kota mpaka lita imodzi ndi theka ya madzi. Wosewera uja akalowa ali 65 n'kutuluka ali 63.5, amwe malita pafupifupi 2, pang'onopang'ono kwa maola angapo, osati kugugudiza kamodzi. Mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima kutaya kotere sikuchedwa. Mchere womwe wapita ndi thukuta umabwerera ndi ndiwo zothira mchere, ndiye imwani uku mukudya; madzi okha ambirimbiri opanda chakudya amangodutsa.

Mkodzo ukuuzani. Ukakhala wotuwa pang'ono zili bwino, ukakhala wachikasu kwambiri onjezerani madzi. Koma ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa masewera oopsa, minofu n'kutupa ndi kuwawa mopitirira muyezo, imeneyo si nkhani ya chakudya. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa minofu ikaphwanyika kwambiri imatha kuwononga impso. Zimachitika kawirikawiri kwa amene wangoyamba kumene kapena wabwerera atapuma nthawi yaitali n'kufuna kufanana ndi anzake tsiku loyamba.

Ndinenepo za mowa, poti Loweruka masewero akatha ambiri amalowera komweko. Kafukufuku wa mu 2014 ku Australia anapeza kuti kumwa kwambiri pambuyo pa masewera kumatsitsa ntchito yomanga minofu ndi pafupifupi kota, ngakhale munthu atadya mapuloteni ake. Ngati mumwabe, yambani mwadya ndi kumwa madzi, ndipo muchepetse.

7. Yezani pakatha masabata 4

Musaweruze ndi kuwawa kwa minofu. Kuwawa kwa tsiku lachiwiri kumabwera mukachita zomwe thupi silinazolowere, ndipo palibe chakudya chomwe chimakuchotsa kotheratu. Yezani ndi zinthu zolembeka. Khalani ndi kabuku: kulemera kwa zitsulo ndi maulendo omwe mwanyamula, sikelo ya thupi kamodzi pa sabata m'mawa musanadye, ndi tepi yoyezera mkono, ntchafu ndi chiuno.

Ngati zitsulo zikukwera pang'onopang'ono, sikelo ikukwera kilogalamu imodzi pa mwezi kapena kuchepera apo, chiuno osasintha kwenikweni, pitirizani momwemo. Ngati sikelo yaima ndipo zitsulo zaima, chakudya chonse chikuchepa, osati mapuloteni okha. Onjezerani mtanda umodzi kapena mbatata pa chakudya cha mukamaliza masewera. Ngati chiuno chikukula msanga kuposa mikono, chepetsani nsima, shuga ndi mafuta, ndiwo zikhale momwemo. Ngati mbale ili bwino koma mphamvu sizikubwerabe, werengani maola omwe mukugona: osakwana 7 usiku uliwonse, yambani mwakonza pamenepo kwa masabata ena 4 musanasinthe china chilichonse m'mbale.